Msuzi wotsekemera wa agogo: kankhani ka Chijeremani ka mawu 159

"Amalume, Chijeremanichi chandikanika basi."

Anatero mwana wa mchemwali wanga tsiku lina madzulo, ataponya buku patebulo langa. Mwamuna wake ali ku Jeremani, ndipo iye akufuna kumutsatira. Koma chiyambire 2007, lamulo la kumeneko limafuna kuti anthu ambiri otsatira mwamuna kapena mkazi wawo ayambe asonyeza kuti akudziwako Chijeremani cha gawo loyamba, lomwe amalitcha A1. Ndiye mtsikanayu anali ataphunzira milungu isanu ndi umodzi, ataloweza manambala, masiku ndi moni, n'kuganiza kuti tsopano angathe kuwerenga nkhani. Buku lomwe anabwerekalo linali la nthano za ana. Iye ankati poti ndi la ana, ndiye kuti ndi losavuta.

Pamenepo m'pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Mwana wa ku Jeremani wa zaka zisanu ndi chimodzi amakhala atamva chiyankhulocho usana ndi usiku moyo wake wonse, ndipo amadziwa kale mawu masauzande angapo. Nthano zake zimakamba za mfiti, mimbulu, nyumba zachifumu ndi nkhalango, ndipo pafupifupi zonse zimalembedwa m'nthawi yakale, momwe aneni ambiri amasinthiratu maonekedwe. Munthu wamkulu woyamba kumene alibe nazo ntchito zimenezo. Chomwe akufuna ndi nkhani yopimidwa, yoti wolemba anachita kuwerenga mawu ake ngati mmene mayi amawerengera makapu a ufa kumapeto kwa mwezi.

Nkhani zotere zilipo, ndipo makampani osindikiza mabuku a ku Jeremani monga Hueber, Klett ndi Cornelsen amazitulutsa, chikuto chake chitalembedwa A1, A2 kapena B1. Zilembozi ndi makwerero asanu ndi limodzi, kuyambira A1 mpaka C2, omwe bungwe la Council of Europe linakhazikitsa mu 2001 kuti aphunzitsi a ziyankhulo za ku Ulaya azipima ndi muyeso umodzi. Pa A1, bungwe la Goethe-Institut lili ndi mndandanda wa mawu pafupifupi 650 omwe wolemba mayeso ayenera kuwadziwa. Yerekezani ndi mtanthauziramawu wa Duden, womwe uli ndi mawu oposa 140,000. Wolemba nkhani ya A1 amauzidwa kuti m'nkhokwe yonseyo atapemo kadengu kamodzi, aphike nako chakudya chodyeka.

Usiku umenewo ndinamulonjeza kuti ndimulembera kankhani kake. Ndinasankha chakudya cha pabanja, osati chifukwa chokonda kudya ayi, koma chifukwa patebulo m'pomwe mawu a woyamba kuphunzira amakumanirana okha popanda kuwakakamiza: abale, nthawi, ziwiya, zakudya, kufunsa, kupempha ndi kukana. Nako kankhaniko, monga kanathera nditakakonza kachitatu.

*Heute ist Sonntag. Am Sonntag essen wir immer bei Oma und Opa. Es ist halb eins. Oma kocht. Mein Bruder deckt den Tisch. Er holt die Teller, die Gabeln und die Messer. Die Löffel vergisst er.*

*Oma bringt die Suppe. „Wo ist mein Löffel?“, fragt Opa. Mein Bruder steht auf und holt sechs Löffel. „Guten Appetit!“, sagt Mama.*

*Opa isst die Suppe. Er sagt nichts. Papa isst die Suppe. Er sagt auch nichts. „Schmeckt die Suppe?“, fragt Oma. „Oma, hast du deine Brille? Die Suppe ist süß“, sage ich. Oma sucht die Brille. Die Brille liegt in der Küche, neben dem Zucker.*

*Dann gibt es Fleisch, Kartoffeln und Rotkohl. „Möchtest du noch eine Kartoffel?“, fragt Oma. „Nein danke, ich bin satt“, sagt Papa. Opa nimmt noch zwei.*

*Mein Bruder räumt den Tisch ab. Um vier Uhr gibt es Kaffee und Kuchen. Opa sieht den Kuchen an. „Ist der Kuchen süß oder salzig?“, fragt er. Alle lachen. Oma lacht auch.*

Kwa amene simunalaweko Chijeremani, nkhani yake ndi iyi. Ndi Lamulungu masana, banja lakadya kwa agogo monga lichitira sabata iliyonse. Mchimwene wa wofotokozayo wayala mbale, mafoloko ndi mipeni patebulo koma waiwala masupuni, mpaka agogo aamuna afunsa. Agogo aakazi abweretsa msuzi womwa ndi supuni, womwe kumeneko umayamba chakudya chenicheni chisanabwere. Agogo aamuna alawa, ali chete. Bambo alawa, nawonso ali chete. Wophikayo atafunsa ngati msuzi ukukoma, kamdzukulu ndiko kaulula kuti ukutsekemera, n'kufunsa ngati agogowo avala magalasi. Magalasiwo apezeka kukhitchini, pambali pa shuga. Kenako kwabwera nyama, mbatatesi ndi kabichi wofiira. Bambo akana mbatatesi yowonjezera ati akhuta, agogo aamuna atenga ziwiri. Itakwana 4 koloko, nthawi ya khofi ndi keke, agogo aamuna ayang'anitsitsa kekeyo n'kufunsa ngati ndi yotsekemera kapena yamchere. Onse aseka, wophika yemwe.

Mawu onse alipo 159. Wina angati zimenezi n'zolemba mphindi khumi. Ine zinanditengera madzulo awiri, ndipo nthawi yambiri inathera pofufuta.

Poyamba, pofotokoza za shugayo, ndinalemba chiganizo chomwe Mjeremani aliyense akanalemba osaganiza kawiri: *Weil Oma ihre Brille nicht finden konnte, hat sie Zucker in die Suppe getan.* Tanthauzo lake, poti agogo sanawapeze magalasi awo, anathira shuga mumsuzi. Chiganizocho chilibe vuto, koma mtsikana uja atafika pamenepo anangoima ngati galimoto yatha mafuta. Nditachiyang'ana bwino ndinapeza kuti ndamusenzetsa mitolo itatu nthawi imodzi. Liwu lakuti *weil* limakankhira mneni kumapeto kwenikweni kwa chigawo chake, ndiye *konnte* wakakhala kutali ndi *Oma*. Mneniyo ali m'nthawi yakale yomwe iye anali asanaione. Ndipo chigawo chachiwiri chili ndi nthawi yakale ya mtundu wina, yomwe imagawa mneni pawiri, *hat* kutsogolo, *getan* kumathero. Mawu aliwonse paokha akanatha kuwafufuza, koma kamangidwe kake ndiko kanamugonjetsa.

Ndinachichotsa chonse. M'malo mwake munalowa tiziganizo titatu ta nthawi yatsopano: msuzi ukutsekemera, agogo akufuna magalasi, magalasi ali pambali pa shuga. Palibe pomwe nkhaniyo ikunena kuti agogo anathira shuga m'malo mwa mchere. Wowerenga amalumikiza yekha. Ndipo apa ndinaphunzira chinthu chomwe sindinkachiyembekeza, chakuti nkhani inakoma kuposa poyamba. Mtsikanayo atafika pa *neben dem Zucker* anakhala kaye chete, kenako anaphulika nako kuseka. Kuseka kumeneko ndiwo mayeso enieni a nkhani yotere, chifukwa munthu sangaseke zomwe sanamve. Mafunso a kumapeto kwa buku aja munthu atha kuwayankha pongokopera chiganizo, koma phwete sakopera.

Tsono taonani kubwerezabwereza. Liwu lakuti *Suppe* labwera kasanu m'ndime ziwiri. *Opa isst die Suppe. Er sagt nichts. Papa isst die Suppe. Er sagt auch nichts.* Aphunzitsi athu a chimangirizo akanalemba mzere wofiira pamenepa n'kuti wasowa mawu. Koma m'nkhani yopimidwa zimenezi n'zadala. Chiganizo chachiwiri chasintha liwu limodzi lokha, ndiye maso amatsetsereka, ndipo kaliwu katsopano kakuti *auch*, kutanthauza "nawonso", kamadzimasulira kokha chifukwa china chilichonse chozungulira n'chodziwika kale. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mphunzitsi wina wa ku Mangalande, Michael West, yemwe ankagwira ntchito ku Bengal m'zaka za m'ma 1920, ndiye anatchuka nayo polemba mabuku ophunzitsira Chingerezi: liwu latsopano lizibwera patalipatali, ndipo likabwera libwerezedwe msanga lisanazizire.

Patalipatali pake ndi potani? Akatswiri ena, makamaka Paul Nation wa ku New Zealand, anapeza kuti munthu amawerenga momasuka, popanda womuthandiza, ngati akudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 aliwonse. Kafukufukuyo anali wa ophunzira Chingerezi, koma aphunzitsi a ziyankhulo zina amagwiritsanso ntchito muyeso womwewo. Pa kankhani kathu ka mawu 159, ndiye kuti mawu achilendo asapitirire atatu. Kwa mwana wa mchemwali wangayu atatuwo anali *vergisst*, *Rotkohl* ndi *salzig*. Loyambalo analimva agogo atafunsa za supuni, anadziwa kuti mnyamata waiwala. Lomalizalo analimva chifukwa laima moyang'anizana ndi *süß*. *Rotkohl* anangodziwa kuti ndi chakudya chofiira, poti *rot* ankalidziwa, ndipo zinamukwanira. Akanakhala kuti akudziwa mawu 90 okha pa 100, zomwe zimamveka ngati zambiri, akanapunthwa kakhumi ndi kasanu n'kamodzi m'kankhani kakafupi chonchi, pafupifupi chiganizo chachiwiri chilichonse. Kumeneko sikuwerenga, ndi kusakasaka m'mtanthauziramawu.

Muyeso umenewu mutha kuugwiritsa ntchito musanagule kapena kubwereka buku. Tsekulani tsamba lapakati, werengani mizere khumi, muzipinda chala pa liwu lililonse lachilendo. Zala za dzanja limodzi zikatha mizereyo isanathe, bwezani bukulo, mudzalipeza chaka chamawa.

Tibwerere patebulo, pa ziwiya zitatu zija, chifukwa m'pomwe pagona chinthu chomwe chimaliza ophunzira ambiri. M'Chijeremani dzina lililonse lili m'gulu limodzi mwa magulu atatu, ndipo gululo limaonekera pa kaliwu kotsogola: *der*, *die* kapena *das*. Mabuku amawatcha gulu lachimuna, lachikazi ndi lapakati. Ndiye supuni ndi *der Löffel*, foloko ndi *die Gabel*, mpeni ndi *das Messer*. Zitatu zogonera m'kabati imodzi, magulu atatu osiyana. Mtsikana uja anafunsa zomwe aliyense amafunsa: "Nanga supuni yakhala bwanji yaimuna, amalume?"

Ndinamuyankha ndi funso. Ndinati, iwe umati mpeni wanga, supuni yanga, chikho changa. Ndani anakuuza kuti mpeni utenge "wa" pomwe supuni ikutenga "ya"? Palibe chifukwa chomwe ungachipeze poyang'ana mpeniwo. Ndi magulu a mayina basi, ndipo ife tili nawo ochuluka kuposa atatu awowo. Wolankhula Chichewa amadziwa kale m'magazi kuti dzina limalamulira mawu oyandikana nalo, chinthu chomwe wolankhula Chingerezi amachita kuvutika nacho. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ife gulu limaonekera kawirikawiri kumayambiriro kwa dzinalo, "chi" wa chikho kapena "m" wa mpeni, pomwe kwa iwo dzina lenilenilo nthawi zambiri silikuuza kanthu. N'chifukwa chake dzina la Chijeremani saloweza lili lokha. Usaloweze *Löffel*, loweza *der Löffel*, ngati kuti ndi liwu limodzi.

Pano ndiyenera kuvomera kuti nkhani yanga ili ndi chilema, ndipo ndinachiona mochedwa. Mnyamata uja akutenga *die Teller, die Gabeln und die Messer*. Zonsezi zili mochulukitsa, ndipo mayina onse akachuluka amatenga *die*, kaya ndi a gulu liti. Choncho mtsikanayo analemba m'kope mwake kuti mpeni ndi *die Messer*, mbale ndi *die Teller*, n'kukhala nazo choncho sabata yathunthu. Choipa china n'chakuti *Messer*, *Teller* ndi *Löffel* sasintha n'komwe akachuluka, ndiye panalibe chomuchenjeza. Sindinasinthe chiganizocho, chifukwa palibe amene amayalira anthu asanu ndi mmodzi mbale imodzi. Ndinangolemba pansi pa nkhani timawu tonse ta patebulo, kalikonse ndi gulu lake ndi kuchuluka kwake. Mabuku abwino a mtundu umenewu amachita zomwezo m'mphepete mwa tsamba kapena kumapeto. Mukapeza lomwe lilibe, dziwani kuti wolemba anagwira ntchito theka.

Pali kenanso kakang'ono komwe ndinakabisa dala. Tebulo ndi *der Tisch*, koma nkhani ikuti *deckt den Tisch*. Keke ndi *der Kuchen*, ndipo agogo akafunsa za iyo akuti *der Kuchen*, koma akamaiyang'ana nkhani ikuti *den Kuchen*. Dzina la gulu la *der* likakhala pamtherankhani, ndiye kuti ntchito ikuchitikira pa ilo, *der* amasanduka *den*. Magulu enawo sasintha pamenepa, n'chifukwa chake *die Suppe* ali chimodzimodzi ponseponse, kaya ukutsekemera kaya ukudyedwa. Sindinamufotokozere lamuloli tsiku loyamba. Ndinadikira kuti adandaule yekha, ndipo pa kuwerenga kwachitatu anaterodi: "Apa mwalakwitsa, mwalemba *den*." Lamulo lomwe munthu walipeza yekha chonchi silichoka msanga m'mutu. Koma za *in der Küche* ndi *neben dem Zucker*, komwe timawuti tasinthanso mwa mtundu wina, ndinamuuza kuti angomeza momwe ziliri, adzatafuna akadzafika A2.

Mneni naye ali ndi khalidwe lake. M'chiganizo wamba cha Chijeremani amakhala pa malo achiwiri, zivute zitani. *Wir essen*, tikudya. Koma mukayamba ndi nthawi, *Am Sonntag*, malo oyamba atengedwa, ndiye mneni salola kusunthidwa, mwininkhani ndiye amadumphira kumbuyo kwake: *Am Sonntag essen wir*. Chimodzimodzi *Dann gibt es* ndi *Um vier Uhr gibt es*. Chodabwitsa kwambiri kwa ife ndi *Die Löffel vergisst er*, pomwe masupuni atsogola ngakhale woiwala ndi mnyamata. Ngakhale apo, tikaganiza bwino, ifenso timatero: "masupuni wawaiwala". Ndiye pali aneni oduka pakati. Kuchotsa mbale patebulo ndi *abräumen*, koma m'chiganizo kamutu kake kamathothoka n'kukagwera kumapeto: *räumt den Tisch ab*. Kuimirira ndi *aufstehen*, nkhani ikuti *steht auf*. Wofufuza *ab* payekha m'mtanthauziramawu amabwerako ndi tanthauzo losagwirizana ndi tebulo. Chizindikiro chake n'chosavuta. Mukaona kaliwu kakafupi katatsalira kumapeto kwa chiganizo ngati mwana wosiyidwa pa siteji ya basi, kanyamuleni mukakalumikize kutsogolo kwa mneni, kenako mufufuze zonse pamodzi.

Komabe zomwe zinamuimitsa mutu kwambiri mtsikanayu sizinali za malamulo a chiyankhulo. Anawerenga *Oma, hast du deine Brille?* n'kundiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mwana akuti 'iwe' kwa agogo ake?"

Eya, akutero, ndipo sanachite mwano. Chijeremani chili ndi *du* ndi *Sie*, zomwe poyamba zimaoneka ngati "iwe" ndi "inu" wathu. Koma mzere wawo sunadulidwe pomwe tinadula ife. Kwathu ulemu umatsata msinkhu ndi udindo, ndiye bambo ako, mayi ako, agogo ako ndi apongozi onse ndi "inu". Kwa iwo zimatsata kuyandikana. Wa m'banja ndi *du*, kaya ali ndi zaka 90. *Sie* ndi wa mlendo, dokotala, wa mu ofesi, woyandikana naye nyumba yemwe simunazolowerane. Kale ana a m'mabanja ena ankatchula makolo awo mwaulemu wotere, koma lero mdzukulu atati *Sie* kwa agogo ake zingamveke ngati akuwakana ubale. Ngakhale Mulungu popemphera amamutcha *du*. Kwa mtsikana wopita kukakhala pakati pa anthu amenewa, phunziro ili ndi lalikulu kuposa la *den*. Langizo langa linali lakuti kwa wamkulu aliyense wosakhala wachibale ayambe ndi *Sie*, ndipo adikire kuti mwiniwakeyo ndiye anene kuti tiyeni tizitchulana *du*, chifukwa mwambo wake ngwakuti wamkulu ndiye amayamba.

Nthawi nayo ili ndi msampha. *Halb eins* si hafu pasiti wani, ndi 12:30. Mjeremani amawerenga theka la ulendo wopita ku ola likubweralo, osati theka lochoka pa ola lapitalo. Woitanidwa *halb eins* akafika 1:30 amapeza mbale zikutsukidwa, ndipo kumeneko kuchedwa ndi ola lathunthu pa chakudya si nkhani yoseka. Ndinaika dala nthawi imeneyi m'chiganizo chachitatu kuti ilume msanga.

Chakudya chotentha cha masana Lamulungu, chotsatiridwa ndi khofi ndi keke chakumadzulo, ndi mwambo womwe mabanja ambiri a kumeneko akusungabe, makamaka kwa agogo. Ndikanalemba za tsiku wamba madzulo, patebulo pakanakhala zina: buledi, batala, tchizi, nyama yozizira yodulidwa mopyapyala, mwina ndi nkhaka zoviika mu viniga. Amachitcha *Abendbrot*, buledi wamadzulo, ndipo m'nyumba zambiri mgonero ndi womwewo, moto osayatsa. Munthu wozolowera kuti tsiku silinathe ngati sanadye nsima ayenera kudziwiratu zimenezi, angakhale pansi kudikira chakudya chenicheni pomwe anzake amaliza.

Ndipo tamverani mmene bambo aja akanira: *Nein danke, ich bin satt.* Akana kamodzi, ndipo agogo sanawakakamize. Kwathu mlendo amayamba wakana kuti aoneke waulemu, mwini nyumba naye amadziwa kuti ayenera kuumiriza. Kumeneko ukakana amakukhulupirira, mbale imapita. Choonjezera apo, *danke* payekha poyankha wokupatsa chinthu amamveka kawirikawiri ngati "ayi, zikomo". Ngati ukufuna, nena *ja, bitte* kapena *gern*. Ndipo kukhuta ndi *satt*. Ophunzira ambiri amatenga liwu lakuti *voll*, lotanthauza kudzaza, n'kunena *ich bin voll*, osadziwa kuti m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku zimenezo zitha kumveka kuti waledzera. Pamaso pa apongozi si mawu oyamba nawo.

Nkhani yotere sawerenga kamodzi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti ulendo woyamba awerenge yonse osaima, osagwira mtanthauziramawu, cholinga chikhale kungodziwa kuti chachitika n'chiyani. Ulendo wachiwiri alembe mzere pansi pa mawu achilendo, ayambe waganiza tanthauzo, kenako afufuze. Ulendo wachitatu awerenge mokweza. Apa m'pomwe panatuluka zina zomwe pepala limabisa.

Ife lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni "l" ndi "r", timati "kulira" kapena "kulila" tanthauzo osasintha. M'Chijeremani ndi malembo awiri osiyana kutalitali, ndipo "r" wawo ambiri amamutchulira kukhosi. *Lachen* ndi kuseka, *Rachen* ndi kummero. *Brille* ali nawo onse awiri m'liwu limodzi, ndiye linakhala liwu lathu loyeserera. Chachiwiri, mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, choncho pakamwa pamafuna kuwonjezera kenakake: *Tisch* amatuluka ngati "tishi", *satt* ngati "zati". Pamafunika kuphunzira kutseka pakamwa liwu likatha. Chachitatu ndi timadontho tiwiri tija. Mtsikanayo anawerenga *in der Küche* ngati *Kuchen*, n'kumva kuti magalasi a agogo ali mu keke. *Küche* ndi khitchini, *Kuchen* ndi keke, *kochen* ndi kuphika, ndipo onse atatu ali m'kankhani kamodzi komweka. Kuti mutchule *ü*, nenani "i" kenako muzungulize milomo ngati mukuimba mluzu, lilime osalisuntha. Kumbali ina pali popumira: *isst*, akudya, ndi *ist*, ali, amatchulidwa chimodzimodzi ndendende, kusiyana kwake n'kwa pa pepala pokha. Mabuku ambiri ogulitsidwa amabwera ndi mawu ojambulidwa oti muzimvera mukuwerenga, ndipo pa chifukwa chimenechi ndi abwino kuposa kankhani kolembedwa ndi amalume.

Ndisakunamizeni kuti tinkhani totere tingamufikitse munthu pomwe akufuna patokha. Anthu a m'nkhani yanga amayankhula mmodzimmodzi, tiziganizo ta mawu asanu, onse m'nthawi yatsopano. Patebulo lenileni amayankhula atatu nthawi imodzi, amameza malembo, ndipo nkhani zawo zambiri ndi za dzulo. Ngakhale mayina a zakudya amasintha ndi dera. Kabichi wofiira yemwe ndamutcha *Rotkohl* ku Bavaria amati *Blaukraut*, mbatatesi ku Austria ndi *Erdäpfel*. Ndiponso mayeso a A1 ali ndi zigawo zinayi, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, ndipo kuti ukhoze pamafunika mapointi 60 pa 100. Zowerenga za m'mayesomo si nthano, ndi timakalata, zikwangwani ndi zotsatsa malonda. Goethe-Institut imati kufika pa A1 kumatenga maphunziro pakati pa 80 ndi 200 a mphindi 45 lililonse. Kankhani ka mawu 159 ndi kadontho m'menemo.

Chomwe kamachita, chomwe mndandanda wa mawu sungachite, n'chakuti kamapatsa liwu lililonse malo okhala. Patapita milungu iwiri ndinamufunsa mtsikanayo liwu la Chijeremani la kuiwala. Anakanda m'mutu, kenako anati, "Dikirani, mnyamata uja ndi masupuni... *vergisst*." Sanalikumbukire pa tsamba la kope, analikumbukira patebulo la agogo.

Ulendo wachinayi ndinamupatsa ntchito yoti alembe nkhani yomweyo koma ya kwawo, asinthe mayina okha, kamangidwe ka ziganizo akasiye momwe kaliri. Anabwera nayo mawa lake. Agogo ake akuphika, mchimwene wake wabweretsa madzi osamba m'manja koma waiwala beseni. Anakakamira pa nsima, chifukwa m'kope mwake munalibe liwu lake, ndipo anafunsa kuti aiike m'gulu liti. Ndinamuuza kuti Ajeremani ofotokoza chakudyachi amati *Maisbrei*, phala la chimanga, la gulu la *der*. Anakwinya nkhope, ati nsima si phala. Analemba *Oma kocht Nsima*, wopanda kaliwu kotsogola, ndi "N" wamkulu poti mayina onse a Chijeremani amayamba ndi lembo lalikulu. Chiganizocho n'cholondola, ndipo sindinachikhudze.